Pempho loti BUG-412 itsegulidwenso

Bambo Phiri,

Ndaona kuti mwatseka BUG-412 ponena kuti vutolo silikuoneka kwa inu. Ndithokoze kuti munaliyesa, komabe ndikupempha mwaulemu kuti muitsegulenso, chifukwa pulogalamuyi ikudzitsekabe kwa ine.

Ndikuganiza kuti tasiyana mayesedwe. Vutoli limabwera pa foni ya Android 12 munthu akadina `Submit` atazimitsa Wi-Fi fomu ili kale yodzaza, pamene malinga ndi zomwe munalemba, inu munayesa pa kompyuta intaneti ili yolumikizika nthawi yonse. Fayilo ya log ikuonetsa `SocketTimeoutException`, ndipo zomwe kasitomala analemba zimafufutika zonse, zimene sizazing'ono.

Ndaphatikiza kanema ndi fayilo ya log imeneyi. Ngati mungapeze mpata mawa m'mawa, ndibwera ndi foniyo tidzayesere limodzi.

Ine wanu,
Chisomo Banda