Mafunso oyeserera: miyeso ya mgwirizano ndi mitundu ya kafukufuku

Ophunzira a chaka chachiwiri, mafunsowa ndi okonzekera mayeso a Lachisanu. Muyankhe nokha musanawerenge mayankho. Polemba mapepala anu a mwezi watha ndinaona kuti masamu mumawatha, koma ambiri mumathamangira kuwerengetsera musanafunse kuti anthu a mu kafukufukuyo anasankhidwa bwanji. Yankho la funso limenelo ndi lomwe limakuuzani muyeso woyenera. Pamene ndalemba kuti "tiyerekeze", manambalawo ndi ongophunzirira.

Funso 1

Tiyerekeze kuti ofufuza anatsatira ana 600 a m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja kuyambira Disembala mpaka Epulo. Onse analibe malungo poyamba. Mwa ana 200 osagona mu neti, 60 anadwala malungo. Mwa ana 400 ogona mu neti, 40 anadwala. Kodi RR ya malungo mwa osagona mu neti, poyerekeza ndi ogona mu neti, ndi zingati?

A. 1.5
B. 3.0
C. 3.9
D. 0.2

Yankho: B. Uyu ndi kafukufuku wa kohoti: tayamba ndi ana abwinobwino, tawagawa potengera neti, ndipo tadikira kuti tione amene adwale. Choncho chiopsezo cha gulu lililonse tingachipeze. Osagona mu neti: 60/200 = 0.30. Ogona mu neti: 40/400 = 0.10. RR = 0.30/0.10 = 3.0.

Amene mwasankha A mwagawa 60 ndi 40, mwaiwala kuti magulu awiriwa ndi osiyana kukula. C ndi OR, yomwe ndi (60 × 360)/(140 × 40). Taonani mmene yatalikirana ndi RR. Zimatero matenda akakhala ofala ngati malungo nthawi ya dzinja. OR imayandikira RR pokhapokha matendawo akakhala osowa. D ndi kusiyana kwa ziopsezo, komwe tikugwiritsa ntchito pa funso lotsatira.

Funso 2

Pa manambala omwewo, ngati neti ndiyodi ikubweretsa kusiyanaku, ndi ana angati ayenera kugona mu neti kuti mwana mmodzi apewe malungo m'nyengoyi?

A. 3
B. 20
C. 10
D. 5

Yankho: D. Kusiyana kwa ziopsezo ndi 0.30 − 0.10 = 0.20, ndipo 1/0.20 = 5. RR imatiuza mphamvu ya mgwirizano, koma mkulu wa zaumoyo pa boma amene akufuna kudziwa maneti oti agule amafuna nambala iyi. RR ya 3.0 ingapezekenso pamene ziopsezo zili 0.003 ndi 0.001, koma pamenepo mungafunike anthu 500 kuti muteteze mmodzi.

Funso 3

Tiyerekeze kuti kolera yabuka m'dera lina. Ofufuza atenga odwala 100 ku msasa wa kolera, ndi anthu 100 osadwala ochokera m'midzi yomweyo. Mwa odwala, 70 anamwa madzi a mumtsinje. Mwa osadwala, 40 anamwa madzi a mumtsinje. Muyeso woyenera ndi uti?

A. RR = 1.9
B. OR = 1.75
C. OR = 3.5
D. Insidensi ya kolera ndi 50 pa 100 aliwonse

Yankho: C. Apa anthu anasankhidwa potengera matenda, ndiye kuti ndi kafukufuku wa kesi-kontirolo. OR = (a × d)/(b × c) = (70 × 60)/(40 × 30) = 4200/1200 = 3.5.

Ndikufuna muime pang'ono pa A, chifukwa ndi pomwe ambiri munagwera. Munawerengetsera (70/110)/(30/90) n'kupeza 1.9. Masamuwo ndi olondola, koma 70/110 si chiopsezo cha aliyense. Wofufuza ndiye anasankha kuti osadwala akhale 100. Akanatenga osadwala 200, mwa iwo 80 omwa madzi a mumtsinje, nambala yanu ija ikanasanduka (70/150)/(30/150) = 2.3, pamene mtsinje ndi womwewo, kolera ndi yomweyo. Yesani OR pa manambala atsopanowa: (70 × 120)/(80 × 30) = 3.5. Sinasinthe. N'chifukwa chake kesi-kontirolo imayendera OR. D nayo ndi yolakwika pa chifukwa chomwecho: theka la anthuwa ndi odwala chifukwa tinawasankha dala, osati chifukwa theka la dera likudwala.

Funso 4

Dokotala akufuna kudziwa ngati utsi wa nkhuni za kukhitchini ukugwirizana ndi khansa ya kummero. Ali ndi ndalama zochepa komanso chaka chimodzi chokha. Asankhe kafukufuku wanji?

A. Kesi-kontirolo
B. Kohoti yotsatira anthu kupita kutsogolo
C. Kuyesa kogawa anthu mwamaere
D. Kulongosola nkhani ya wodwala mmodzi

Yankho: A. Ngakhale Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero imapezeka kwambiri, mukatenga anthu 1,000 n'kuwatsatira chaka chimodzi mwina simupeza wodwala ngakhale mmodzi. Khansa imatenganso zaka zambiri kuti ionekere. Ndi bwino kuyamba ndi odwala omwe ali kale m'chipatala n'kufunsa za m'mbuyo. C siyololedwa: simungachite maere kuti ena azipuma utsi.

Umu ndi momwe Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anayendera ku Britain. Mu 1950 anatulutsa kafukufuku wa kesi-kontirolo wosonyeza mgwirizano wa kusuta fodya ndi khansa ya m'mapapo, kenako mu 1951 anayamba kohoti ya madokotala a ku Britain yomwe inatsatiridwa zaka 50. Dokotala wathuyu asamale chinthu chimodzi: munthu wodwala khansa amasinkhasinkha kwambiri za moyo wake wakale kuposa munthu wabwinobwino, choncho angakumbukire utsi wambiri. Kukondera kwa kukumbukira kotereku kungakweze OR popanda chifukwa.

Funso 5

Mu kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, ofunsa anayendera makomo osankhidwa, kufunsa mafunso ndi kuyeza ana msinkhu ndi sikelo, banja lililonse kamodzi. Kafukufuku wotere amapereka chiyani?

A. Insidensi ya kupinimbira
B. Privalensi ya kupinimbira
C. Umboni wa chomwe chimayambitsa kupinimbira
D. Mphamvu ya katemera

Yankho: B. Poti aliyense anaonedwa kamodzi, tikudziwa ana omwe anali opinimbira pa nthawiyo, osati omwe anayamba kupinimbira m'chakacho. Sitingadziwenso chomwe chinayamba: mwana wopinimbira amene akutsegula m'mimba, kodi kutsegulako ndiko kunamupinimbiritsa, kapena kufooka kwa thupi ndiko kukumudwalitsa?

Funso 6

Tiyerekeze kuti kafukufuku wa mankhwala atsopano a chibayo wapeza RR ya imfa ya 0.8, ndipo 95% CI ndi 0.6 mpaka 1.1. Tinene chiyani?

A. Mankhwalawa achepetsa imfa ndi 80 pa 100 aliwonse
B. Zatsimikizika kuti mankhwalawa sagwira ntchito
C. Mankhwalawa akuchulukitsa imfa
D. Zikuoneka ngati achepetsa imfa, koma mwayi chabe ungathe kufotokoza zimenezi

Yankho: D. Malirewa akudutsa pa 1, nambala yosonyeza kuti magulu awiri sakusiyana. Koma B musaisankhe. Malire omwewo akulolanso kuti imfa zingachepe ndi 40 pa 100 aliwonse, lomwe ndi phindu lalikulu kwa mayi amene mwana wake akubanika. Kafukufukuyu sanapeze yankho lomveka, mwina chifukwa anthu anali ochepa. A yasokoneza masamu: RR ya 0.8 ndi kuchepa kwa 20 pa 100, osati 80. Kumbukiraninso kuti pa kusiyana kwa ziopsezo nambala yoyang'ana ndi 0, osati 1.

Funso 7

Tiyerekeze kuti ana a m'nyumba za malata apezeka kuti sanyentchera kawirikawiri poyerekeza ndi ana a m'nyumba za udzu, RR = 0.5. Ofufuza atagawa mabanja potengera chuma, RR yakhala 1.0 mwa opeza bwino, komanso 1.0 mwa osauka. Chachitika n'chiyani?

A. Chuma ndi konifaunda
B. Malata amateteza ana a osauka okha
C. Kukondera kwa kukumbukira
D. Malata amateteza, koma ofufuza alakwitsa masamu

Yankho: A. Banja lopeza bwino limagula malata, limagulanso nsomba, mazira ndi mafuta ophikira. Chuma chikukhudza denga komanso thanzi la mwana, ndipo sichili pakati pa ziwirizi ngati njira. Titachigwira, mgwirizano uja wazimiririka. B ikanakhala yoona RR ya magulu awiriwa ikanasiyana, monga 0.4 mwa osauka ndi 1.0 mwa opeza bwino. Zikatero simuphatikiza manambalawo, mumapereka lililonse palokha.

Vuto la konifaunda ndi lomwe limapatsa maere ulemu wake. Kwa zaka zambiri ofufuza ankaona kuti HIV inali yocheperako mwa amuna odulidwa, koma mdulidwe umayendera limodzi ndi chipembedzo, mtundu ndi dera, ndiye panali chikayiko. Atayesa pogawa amuna mwamaere ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda, anapeza kuti mdulidwe umachepetsa chiopsezo choti mwamuna atenge HIV kwa mkazi ndi pafupifupi 60 pa 100. Maere amagawa mofanana zosokoneza zomwe tikuzidziwa ndi zomwe sitinaziganizeko n'komwe, chinthu chomwe masamu a pambuyo sangachite.

Funso 8

Mu 2018 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre kunayamba kuyesa katemera wa taifodi pa ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12. Anawagawa mwamaere: ena analandira katemera wa taifodi, ena katemera wa matenda oumitsa khosi. Mphamvu ya katemerayu inapezeka kuti ndi pafupifupi 80 pa 100. RR ya taifodi mwa olandira katemerayu inali pafupifupi zingati?

A. 0.8
B. 5.0
C. 0.2
D. 80

Yankho: C. Mphamvu ya katemera, VE = (1 − RR) × 100, choncho RR = 1 − 0.80 = 0.20. B mungaipeze mutatembenuza magulu, kuika osalandira katemera wa taifodi pamwamba. Mphamvu ya 80 pa 100 sikutanthauza kuti ana 20 mwa 100 olandira katemera anadwala. Ikutanthauza kuti pa odwala 5 alionse a m'gulu loyerekezera, gulu la katemera wa taifodi linali ndi mmodzi. Gulu loyerekezeralo linabayidwa katemera weniweni kuti ana apindule ndi kanthu, komanso kuti makolo ndi achipatala asadziwe mwana amene walandira uti.

Amene mwalakwa funso 3 kapena 7, mubwere ndi tebulo lanu la 2 × 2 Lachitatu 2 koloko masana, tidzaliwerengetsere limodzi pa bolodi.