Kalata yopempha ntchito ya woyang'anira malo oumitsira nsomba

Asiyatu Mdala
Mudzi wa Malembo
T/A Nankumba
Mangochi

14 Okutobala 2024

A Wapampando
Komiti ya kopaletivi ya oumitsa nsomba
Doko la Malembo

Okondedwa a Wapampando,

KUPEMPHA NTCHITO YA WOYANG'ANIRA MALO OUMITSIRA NSOMBA

Ndaona chidziwitso chimene mwamata ku doko chonena kuti mukufuna munthu woyang'anira matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa, ndipo ndikupempha kuti mundiganizire. Ndili ndi zaka 29 ndi satifiketi ya MSCE. Sindinalembedwepo ntchito ya pamwezi, koma kuyambira 2020 ndine amene ndikuyendetsa geni ya usipa ya pabanja pathu, imene amayi anandisiyira miyendo itayamba kuwavuta.

Pa geniyi timagwira anthu asanu: ine, alongo anga awiri, msuweni wanga ndi amalume. Timagula usipa m'mamawa kwa asodzi a chilimira, kuyanika pa thandala, kenako kutumiza ku Limbe. Pamene ndinkaitenga, aliyense ankatapa ndalama m'thumba limodzi, ndipo mpamba unkangotha osadziwika kumene wapita. Ndinagula kope n'kuyamba kulemba chigoba chilichonse chogulidwa, mtengo wake, ya nkhuni, ya matola ndi ya thiransipoti. Kulembako sikunali kovuta. Kovuta kunali kuuza amalume, munthu wondilera, kuti nsomba imene akupereka pa ngongole kwa anzawo nayonso ilowe m'kope. Sindinawauzire pagulu. Ndinapita kwawo madzulo ndi amayi, n'kuwaonetsa kuti ngongole za mwezi umodzi zokha zinali zokwana kugula matumba awiri a usipa. Ndinawapempha kuti iwo omwewo ndiwo akhale otolera ngongole zonse, popeza pa doko pano anthu amawalemekeza kuposa ine. Anavomera, ndipo mpaka lero ntchito imeneyi ndi yawo.

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta a injini anakwera, asodzi nawo anakweza chigoba, ndipo galimoto la ku Limbe linayamba kudya phindu lonse. Ndinakambirana ndi mabanja ena atatu kuti tizipakira galimoto limodzi, kupita munthu mmodzi mosinthana, ndalama n'kumatumizirana pa foni. M'nyengo ya mvula, pamene usipa umaola pa thandala usanaume, ndinasintha kuti wambiri tizifutsa kapena kukazinga. Alongo anga ankadandaula za mtengo wa nkhuni ndi mafuta ophikira, ndipo sankanama ayi, koma kope linaonetsa kuti kutaya nsomba kunkatidyera zambiri. Pa chifukwa chimenechi matenti anu ndimawaona kufunika kwake: nsomba imauma yopanda mchenga ndi ntchentche, mvula igwe isagwe.

Ndinenso mlembi wa banki m'khonde ya amayi 22 m'mudzi mwathu. Chaka chatha, namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi, mayi wina analephera kubweza ngongole chifukwa khoma la nyumba yake linagwa. Ena ankati tikamulande mbuzi. Ndinawerengera gulu malamulo amene tinalemba tokha, n'kupereka maganizo akuti timuthandize ndi thumba la zadzidzidzi pa za nyumbayo, chiwongoladzanja tiyimitse, koma ngongole yeniyeniyo abweze pang'onopang'ono sabata iliyonse. Gulu linavota n'kugwirizana nazo. Pofika tsiku logawana masheya mu Disembala anali atamaliza.

Pa ntchito imene mukulembayi ndikuona kuti mkangano waukulu udzakhala wa malo, makamaka usipa ukagwa wambiri mwezi uli mumdima, aliyense akufuna kuyanika nthawi imodzi. Ndikadzapatsidwa mpata ndidzaika ndandanda poonekera, wolembedwa potsata amene wayamba kufika ndi kulipira, osayang'ana kuti uyu ndi m'bale wa ndani, ngakhale wa kwathu komwe. Ndalama zolowa ndizidzaziwerenga pamaso pa komiti mwezi uliwonse ndi malisiti ake. Ndimayankhula Chichewa ndi Chiyao, choncho amalonda ochokera ku Namwera kapena ku Makanjira sindivutika nawo. Geni ya kwathu ndidzaisiya m'manja mwa mlongo wanga wamkulu, amene kope analizolowera kale, kuti pasadzakhale wonena kuti ndikukondera nsomba zanga.

Ndaphatikiza fotokope ya satifiketi yanga ndi ya chiphaso cha unzika, komanso kalata zondichitira umboni zochokera kwa a nyakwawa ndi kwa wapampando wa banki m'khonde yathu. Makope a geni ndi a gulu ndidzabwera nawo tsiku limene mungandiitane, kuti mudzaone nokha.

Ine wanu wokhulupirika,

Asiyatu Mdala