Mlatho wa Khansala Nachisale

Buku la bajeti linawapeza Mayi Nachisale kutatsala masiku awiri kuti khonsolo ikumane, ndipo linali lochindikala, lodzaza ndi manambala, komanso lolembedwa m'Chingerezi. Iwo anali ataphunzitsa masamu kusukulu yapulayimale kwa zaka zambiri asanapume, choncho manambala sanawaopse. Chimene chinawasowetsa tulo n'chakuti anatsegula tsamba lililonse kawiri, koma mlatho wa m'wadi yawo sanaupeze.

Anasankhidwa pa chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014, pamene dziko linali litakhala zaka zisanu ndi zinayi popanda makhansala. Pa kampeni analonjeza chinthu chimodzi chokha, chakuti mlatho wamitengo wopita kuchipatala chaching'ono udzakhala wakonkire. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anakokolola ngakhale wamitengo uja, moti amayi oyembekezera ankawolotsedwa pamachira. Pa tsiku la msonkhano anthu ena a m'wadi yawo anapalasa njinga mpaka kuboma, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa holo kudikira yankho.

M'holomo wapampando wa khonsolo anakhala kutsogolo, bwanamkubwa ali pambali pake monga mlembi. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anakhala mzere woyamba, ndipo mafumu aakulu anakhala mbali yawo atavala mikanjo. Mkulu wa zachuma anawerenga kwa nthawi yaitali, kenako wapampando wa komiti ya zachuma anapempha nyumbayo kuti ivomereze bajeti ya chaka choyamba pa 1 Julaye. Mayi Nachisale anaimika mkono.

"Zikomo a Wapampando. Patsamba 14 ndikuona ndalama za mafuta a galimoto ndi za misonkhano ya nthambi ya zaumoyo. Ndikupempha kuti gawo lina lichotsedwe pamenepo, timangire mlatho umene odwala amawolokerapo popita kuchipatala chomwecho."

Makhansala angapo anawomba m'manja. Mkulu wa zachuma anavula magalasi ake n'kuyankha mwaulemu wa munthu amene analiyankhapo kale funso lotere.

"Olemekezeka a Khansala, ndalama zimenezo zimachokera kuboma lalikulu zitalembedwa kale ntchito yake. Za zaumoyo n'za zaumoyo, za maphunziro n'za maphunziro, ndipo ngakhale zimenezo ndi zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, si zomangira. Mlingo wa nthambi iliyonse timapatsidwa kuchokera ku Lilongwe. Tikasuntha pano, bajeti idzabwezedwa ikakafika ku komiti yoona za ndalama za makhonsolo m'dziko muno."

"Nanga za chitukuko?" anafunsa mayiwo. "Zimenezo si ndife eni ake?"

Apa amene anaimirira anali mkulu wa mapulani. Anafotokoza kuti ntchito iliyonse imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, n'kupita ku komiti ya m'dera la mfumu yaikulu, ndipo ikasankhidwa kumeneko m'pamene imalowa m'pulani ya chitukuko ya boma lonse. Anatsegula fayilo yake n'kuwerenga zimene dera la Mayi Nachisale linapempha: mijigo iwiri ndi nyumba ya mphunzitsi. Mlatho sunalembedwe, popeza pa nthawi imene makomitiwo ankakhala pansi, wamitengo uja unali ukadali chiimire.

Mayi Nachisale anatembenukira kwa phungu wa dera lawo, amene pa kampeni anaima nawo pansanja imodzi, n'kufunsa ngati thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu, silingathandize. Phunguyo sanaimirire n'komwe.

"Mayi anga, za thumba limenelo tinakambirana kale ndi anthu, ndipo chaka chino zikupita ku midadada ya sukulu. Wadi yanu si yokha m'dera langa."

Mayiwo anaimanso kachitatu, mawu atayamba kukwera, n'kunena kuti ngati zili choncho akulamula mkulu wa zomangamanga kuti mawa lomwe atumize anyamata ake akayeze mtsinjewo. M'holomo munachita phokoso lapansipansi. Bwanamkubwa ananong'oneza wapampando, ndipo wapampandoyo, amenenso anali khansala watsopano monga iwo, anayankha akuyang'ana pepala lake. Anati ogwira ntchito ku khonsolo amalandira malangizo kuchokera kwa bwanamkubwa, ndipo khansala payekha sangatume wantchito aliyense, pokhapokha ngati khonsolo yonse yagwirizana chinthu n'kuchilemba. Anawonjezera kuti bajetiyi inadutsa kale m'komiti ya zachuma, ndipo anawapempha kuti akhale pansi.

Pa nthawi yopuma sanapite kukamwa tiyi. Anakhala pampando wawo, buku lili pamiyendo, kufikira mfumu yaikulu ya dera lawo inabwera ikuyendera ndodo.

"Mwakwiya, mwana wanga."

"Ndachita manyazi, Gogo Chalo. Anthu ali panjapo akudikira mlatho, ine ndiwatengera malamulo."

"Ine ndakhala m'holo muno zaka zonse zija kunalibe makhansala," inatero mfumuyo. "Ndimalankhula, amandilemekeza, koma ikafika nthawi yovota mkono wanga suwerengedwa. Wanu umawerengedwa. Aphungu awa anapatsidwa voti mu 2010 lamulo litasinthidwa, ife ayi. Inu mwakhala mukugogoda pa nkhokwe za eni ake. Kodi ya khonsolo yeniyeniyo mwaisuzumira?"

Mayi Nachisale anatsegula masamba akumapeto, kumene kunali ndalama zimene khonsolo imatolera yokha kuchokera ku ziphaso za m'misika, malayisensi a mabizinesi ndi malo oimikapo magalimoto. Anapeza mzere wa msika wa m'wadi yawo, n'kutenga pensulo. Ankaudziwa msikawo bwino, chifukwa mng'ono wawo ankagulitsamo tomato. Anagawa ndalama za chaka chonse ndi masiku a msika, kenako ndi mtengo wa chiphaso chimodzi, ndipo yankho linasonyeza ogulitsa ochepa kuposa amene amakhala mzere wa usipa wokha.

Msonkhano utayambiranso anaimika mkono, ndipo wapampando anazengereza asanawaloze. Ulendo uno sanapemphe kusuntha ndalama iliyonse. Anawerenga masamu awo pang'onopang'ono monga ankachitira pabolodi, n'kufunsa kumene ziphaso zinazo zimapita. Mkulu wa zachuma anati nambalayo inatengedwa pa zimene zinatoleredwa chaka chatha. Mayiwo anati n'zimenenso akufunsa. Khansala wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti msika wa kwawo nawo uli chimodzimodzi, ndipo wachitatu anatsatira.

Anapempha zinthu ziwiri: kuti komiti ya zachuma izibweretsa ku khonsolo lipoti la msika uliwonse miyezi itatu iliyonse, komanso kuti komiti ya zomangamanga ikaone malo a mlathowo n'kudzanena mtengo wake. Panapezeka wothirira ndemanga, manja anaimikidwa, ndipo mlembi analemba zonse m'maminitsi. Kenako bajeti inavomerezedwa monga inabwerera, popanda mlatho. Mayi Nachisale nawo anaimika mkono, popeza m'bajeti momwemo munali mijigo iwiri ya anthu awo.

Atatuluka, anthu aja anadzuka pansi pa mtengo, ndipo bambo wina amene anali patsogolo anavula chipewa.

"Mayi Khansala, ayamba liti?"

"Chaka chino sayamba, bambo. Ndinalonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwa munthu mmodzi. Mukauze a Gulupu kuti Loweruka komiti ya chitukuko ikumane, ndipo mlembi abwere ndi buku la maminitsi."

"Ndiye tinakuvoterani chifukwa chiyani?" anafuula mnyamata wina kumbuyo.

Mayi Nachisale anamuyang'ana, n'kumufunsa ngati amagulitsa mumsika. Mnyamatayo anati amagulitsa makala.

"Ukalipira, amakupatsa lisiti?"

"Nthawi zina."

"Kuyambira mawa uzilifuna, ndipo uzisunga. Loweruka ubwere nawo onse amene uli nawo."