Chikulunga cha Gaba

Anzake ankamutcha Gaba chifukwa sankatopa kufotokoza chigoli chimene Gabadinho Mhango anachinya timu ya Morocco mu 2022, chonsecho iye anangochimvera pa wailesi.

Loweruka limenelo analawirira kumsika wa Nchalo kukatola majumbo. Anapeza 30, n'kuwatsuka pamjigo, n'kuwayanika pampanda. Jumbo yonyowa imalemeretsa mpira, ndipo pakapita masiku imanunkhitsa. Amalume ake, okonza njinga za kabaza, anamuponyera chubu chakutha.

"Udule mizere yonga chala chako kukula kwake. Ikachepa kuposa pamenepo iduka ndi dzuwa lakunoli."

Gaba anakhala pansi pa mtondo. Pakati anaikapo sanza zopsinya kufika ngati chibakera, osati mapepala, poti mapepala akangonyowa amaphwatalala. Analowetsa sanzazo m'jumbo yoyamba, kupotokola pakhosi, kubweza yotsalayo kuti ikute kachiwiri. Jumbo iliyonse yotsatira mfundo yake ankaiika mbali ina. Apa ndi pamene ana ambiri amalakwitsa: mfundo zikaunjikana malo amodzi mpira umatuluka linunda, ukaumenya umakhota wokha. Kunja kwenikweni anakutira pulasitiki yokhuthala ya paketi ya shuga.

Mayi ake anali atangophula phala. Gaba anayendetsa mpirawo pamwamba pa makala, akuutembenuza msangamsanga kuti pulasitiki ikhwinyate n'kugwirana.

"Iwe, ununkhitsa khitchini yanga!"

"Ndatha kale, amayi."

Sanauyandikitse kwambiri, chifukwa pulasitiki ikasungunuka imauma gwa n'kumacheka zala. Kenako anazengereza mphira mopingasa kanayi kuti uzinjanja, n'kuluka ukonde wa chingwe pamwamba, maso ake otalikirana zala ziwiri. Akanakoka kwambiri ukanasanduka mwala, akanalekerera majumbo akanayamba kusuzumira mpira usanafike n'pakati pomwe. Anauponya pansi. Unanjanja kufika m'bondo.

Dzuwa la kuchigwa sililola mpira masana, choncho anayamba cha m'ma 4 koloko, atachotsa minga pabwalo n'kuika njerwa ziwiriziwiri ngati magolo. Mwini mpira ndiye amasankha timu, ndipo Gaba anati yake ndi Bullets.

"Ine pabwalo la Kalulu ndikangodutsapo," anauza goloboyi wake. "Ndidzakwera Thabwa, mudzandimvera pa wailesi ndili pa Kamuzu Stadium."

"Ndi mapazi osavalawo?"

Sanayankhe. Anadutsa anyamata awiri, n'kuumenya ndi phazi lamanzere, limene ankaliphunzitsa pakhoma la nyumba madzulo aliwonse. Mpira unadutsa pakati pa njerwa n'kukakodwa mumtengo waminga, chingwe chimodzi chitaduka.

Pamene ena ankakangana ngati unadutsa pamwamba kapena ayi, Gaba anatulutsa chingwe chapadera m'thumba la kabudula, n'kuyamba kulumikiza.

"Chigoli chimenecho," anatero, chingwe chili kumano. "Amene akukana akapange wake."