Kaundula wa Ziopsezo: Ntchito Yomanga Nyumba Yosungiramo Soya ndi Mtedza ya Kopaletivi Yathu, Mchinji

Kaundulayu wachokera pa msonkhano wa Loweruka pa 14 Juni. Panali komiti yomanga, atsogoleri a makalabu 9, kontirakitala ndi mlangizi wa zaulimi. Ntchito yonse ndi ya K48 miliyoni. Bungwe lotithandiza lipereka K36 miliyoni m'zigawo zitatu, yotsalayo ndi ya mamembala 214, ina ngati ndalama, ina ngati mchenga, kwale ndi madzi. Denga likhale litakhomedwa pofika pa 31 Okutobala.

Mmene tinazipezera

Kalabu iliyonse inayankha funso limodzi: n'chiyani chingachititse kuti soya wa chaka chamawa tidzamusungebe m'makhonde mwathu? Kenako tinayendera malo omangapo ndi msewu wake, n'kumvanso kwa amayi awiri amene anali m'komiti yomanga mdadada wa sukulu kuno. Panatuluka mfundo 23. Zofanana tinaziphatikiza. Zimene zachitika kale, monga kuthyoka kwa mjigo wapafupi, tazichotsa, chifukwa limenelo ndi vuto lofuna kukonza lero, pomwe muno tikulemba zimene zisanachitike. Nkhani ya chuku ndi anankafumbwe idikire kaundula wa kasungidwe ka mbewu.

Kaperekedwe ka malikisi

Kuthekera kochitika timakupatsa 1 mpaka 5: 1 ndi chinthu chimene sitinachionepo kuno, 3 chimachitika zaka zina, 5 tikuchiyembekezera ndithu. Kuwononga nakonso 1 mpaka 5: 1 ndi kuchedwa kosapitirira sabata, 3 ndi kuchedwa mwezi kapena kutaya K2 miliyoni, 5 ndi kuima kwa ntchito yonse. Manambala awiriwa timawachulukitsa. Kuyambira 15 n'chofiira, 8 mpaka 14 n'chachikasu, kutsika apo n'chobiriwira. Chilichonse chili ndi mwini mmodzi. Ena anafuna kuti tilembe "komiti yonse", koma takana, chifukwa chinthu cha aliyense chimagona panja.

1. Kukwera mtengo kwa simenti, malata ndi zitsulo
Kuthekera 5, kuwononga 4, malikisi 20. Chofiira. Mwini wake: msungichuma.
Bajeti yathu ili m'makwacha ndipo bungwe lanena kuti silidzawonjezera. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya m'mahadiweya inasintha masiku omwewo. Chigawo choyamba chikangolowa, msungichuma agule malata onse, zitsulo ndi misomali pasanathe masiku 7, atafunsa mitengo m'mashopu atatu. Simenti ayi, imauma ikakhalitsa. Tizigula yokwanira masabata 6, n'kuisanja pa matabwa, osati pansi. Tapatula K4.8 miliyoni ya zadzidzidzi, yosatapidwa popanda siginecha ya anthu atatu. Thumba la simenti likakwera kuposa 10 peresenti ya mtengo wa m'bajeti, msungichuma aitanitse komiti sabata yomweyo.

2. Kuchedwa kwa chigawo chachiwiri cha ndalama
Kuthekera 4, kuwononga 4, malikisi 16. Chofiira. Mwini wake: mlembi.
Poyamba anthu ankaloza bungwe, koma titawerenga mgwirizano tinapeza kuti chingachedwetse ndalama ndi ife tomwe. Satulutsa chigawo china asanaone malisiti onse a choyamba. Mlembi azitolera malisiti Lachisanu lililonse, kuwajambula pa foni ndi kuwamata m'buku. Wogulitsa kwale amene alibe lisiti asainire m'buku lathu pamaso pa mboni. Lipoti lipite maziko akangotha, osadikira kuti ndalama zithe.

3. Mvula kutipeza denga lisanakhomedwe
Kuthekera 3, kuwononga 5, malikisi 15. Chofiira. Mwini wake: wapampando wa komiti yomanga.
Kuno mvula imayamba mu Novembala, koma chizimalupsa chikhoza kugwa mu Okutobala. Msewu wa padambo ukaterera lole siidutsa, ndipo mamembala onse amakhala ali kumunda. Tsiku loonera ndi 15 Sepitembala. Ngati khoma lisanafike pa lintala, kontirakitala awonjezere amisiri awiri, monga wasainira mu mgwirizano wake. Katundu yense wolemera akhale atawoloka dambo pofika pa 30 Sepitembala.

4. Kusowa kwa dizilo
Kuthekera 4, kuwononga 3, malikisi 12. Chachikasu. Mwini wake: kontirakitala.
Asonkhanitse maulendo a lole kuti akhale ochepa. Mchenga ndi madzi zibwere pa ngolo. Eni ngolo 6 avomera kale.

5. Mamembala kusabwera ku ntchito
Kuthekera 4, kuwononga 3, malikisi 12. Chachikasu. Mwini wake: wachiwiri kwa wapampando.
Julaye ndi Ogasiti ndi miyezi ya misika, maukwati ndi ziliza, ndipo maliro sapangana tsiku. Kalabu iliyonse ili ndi tsiku lake pa sabata, ndi kalabu ina yolowa m'malo kukagwa zovuta. Wojomba popanda chifukwa alipira K2,000, yolembera waganyu. Akajomba anthu oposa theka masiku awiri otsatizana, wachiwiri kwa wapampando akakumane ndi kalabuyo pamudzi pawo.

6. Mkangano wa malo
Kuthekera 2, kuwononga 5, malikisi 10. Tachiika m'gulu lofiira. Mwini wake: wapampando wa kopaletivi.
Apa tinakhalitsa. Masamu akuti n'chachikasu, koma chikachitika tikhoza kutaya nyumba yonse, choncho tagwirizana kuti chilichonse chokhala ndi 5 pa kuwononga chizionedwa ngati chofiira. Malowa anatipatsa ndi a nyakwawa, pakamwa, zaka 4 zapitazo. Ena anati kupempha kalata n'kuwakayikira amfumu. Mayi wina wa kalabu ya kumtunda anayankha kuti amfumu sitikuwakayikira, koma adzukulu amene adzaone nyumba ya malata itaima pa malo amene ankalima agogo awo. Pamenepo mtsutso unatha. Wapampando atenge kalata yosainidwa ndi a nyakwawa, a gulupu ndi banja limene linkalimapo, adindepo a T/A, ndipo akafunse ku ofesi ya malo ku khonsolo za kalembetsedwe kake. Malire tidzalemo khonje pamaso pa mboni. Maziko sakumbidwa kalatayi isanafike m'manja mwa mlembi.

7. Kubedwa kwa simenti ndi malata
Kuthekera 3, kuwononga 3, malikisi 9. Chachikasu. Mwini wake: wosunga katundu.
Chitseko chikhale ndi maloko awiri, kiyi wina kwa wosunga katundu, wina kwa kapitawo. Thumba lotuluka lizilembedwa, ndipo matumba opanda kanthu azibwezedwa kuti awerengedwe Loweruka lililonse. Mlonda wa usiku alembedwa malata akafika.

8. Mmisiri kugwa kapena kuvulala
Kuthekera 2, kuwononga 4, malikisi 8. Chachikasu. Mwini wake: kapitawo.
Aziyendera makwerero ndi nsanja m'mawa uliwonse. Wolawa mowa asakwere padenga, ndipo ana asasewere pa malowa. Njinga yamoto ya mlembi ndiyo yothamangira nayo kuchipatala.

Zobiriwira zilipo zinayi, monga kusweka kwa mabuloko ponyamula. Zimenezo tazivomereza, zili patsamba lomaliza la buku la mlembi, ndipo sitiwonongerapo ndalama.

Kuunikanso

Kuyambira mu Julaye, kaundulayu aziwerengedwa poyamba pa msonkhano wa komiti, Loweruka loyamba ndi lachitatu la mwezi. Mwini chiopsezo aziimirira yekha n'kunena ngati malikisi akwera kapena atsika, ndi chimene wachita. Akalephera kubwera atumize uthenga wolemba. Membala aliyense woona chiopsezo chatsopano auze mlembi, amene achilembe tsiku lomwelo. Kope lina lakhomedwa pa chitseko cha ofesi, lina lapita ku bungwe. Msonkhano wotsatira uliko pa 5 Julaye, ndipo wapampando wa kopaletivi abwere ndi kalata ya malo.