Pempho: mundibwezere ndalama ya chaka yomwe mwadula pa 3 Malichi, invoisi INV-40718

Moni a zamalipiro,

Ndikupempha mundibwezere madola 119 amene mwadula dzulo pa 3 Malichi pa khadi langa lothera ndi 4471. Ndi malipiro a chaka china a pulogalamu yanu yokonzera mavidiyo ija, ndipo ineyo sindimafuna kupitiriza nayo ayi. Akaunti yake ndi ya imelo yomwe ndikulemberayi.

Nkhani yake ili chonchi. Pulogalamuyi ndinaigula chaka chatha chifukwa cha ntchito imodzi yokha, ntchitoyo inatha mu Okutobala, ndiye mwezi womwewo ndinalowa mu Billing n'kuzimitsa Auto-renew, kabatani kaja kanachoka pobiriwira kupita potuwa ndikuona ndi maso angawa. Mu Disembala ndinabwereranso kukachotsa mnzanga yemwe timagwira naye, kuti pulani ichoke pa anthu awiri ikhale ya munthu mmodzi, ndipo ndikuganiza kuti apa mpomwe sisitimu yanu inayatsanso yokha chifukwa dzulo ndapeza kali pobiriwira. Palibe pomwe inandifunsa kapena kundichenjeza. Imelo yokumbutsa ndaipeza lero mu Spam, yotumizidwa pa 28 Febuluwale, kungotsala masiku atatu kuti mudule, zomwe kunena zoona ndi nthawi yochepa kwambiri pa ndalama ya chaka chathunthu.

Chidulireni sindinatsegule pulogalamuyi olo kamodzi, sindinapange vidiyo kapena kudawunilodi kalikonse, mutha kucheka mbali yanuyo muona kuti ndangolowa pa webusaiti kukaona invoisi basi. Komanso pa malamulo anu omwe mwalemba nokha pakuti munthu atha kubwezeredwa ndalama ngati wapempha asanathe masiku 14, ine ndapempha tsiku lachiwiri lomwe.

Chonde ndalamayo ibwerere yonse pa khadi lomwelo. Zondipatsa kirediti ya mu akaunti kapena kunditsitsira mtengo wa chaka chino musavutike nazo, pulogalamuyo ndi yabwino ndithu sindikuinyoza koma panopa ndilibe nayo ntchito, ndiye kirediti ingokhala phee osaigwiritsa. Pulaniyo muithetse lero lomwe, mafayilo anga ndinakopera kale onse palibe chondidetsa nkhawa. Khadi lija mulichotsenso, ndayesa kulichotsa ndekha ikukana akuti pakufunika kaye khadi lina lolowa m'malo.

A ku banki andiuza kuti nditha kukadandaula kwa iwo kuti aitsate okha ndalamayo, koma zimenezo zimatenga nthawi ndipo sindikufuna tifike kumeneko pa nkhani yoti tingathe kumvana tokha. Ndaphatikiza invoisi ndi sikirinishoti ya meseji ya ku banki. Mukabweza mundilembere, mundiuzenso kuti zitenga masiku angati kuti ionekere pa khadi.

Zikomo kwambiri,
Tadala