Kalata Yodandaula za Mabolodi a Makirisitalo Owonongeka

Dedza Boma
14 Julaye 2025

Kwa Bwana Oyang'anira Zamalonda,
Lilongwe.

Okondedwa Bwana,

DANDAULO PA MABOLODI A PA INVOYISI NAMBALA 0418

Ndine mmisiri wa zamagetsi pa shopu yathu kuno ku Dedza, ndipo ndine amene ndinasayinira mabolodi 40 a ATmega328P amene munatitumizira pa 27 Juni. Mwa 40 amenewo, 18 ali ndi vuto la kirisitalo, kachipangizo kamene kamayendetsa nthawi ya bolodi. Lachiwiri lapitali ndinaimba foni, mnyamata wanu nkundiyankha kuti mwina ndife tikulakwitsa polowetsa pulogalamu. Nchifukwa chake ndati ndilembe, muone nokha zimene ndinayeza.

Mabolodi 11 sakudzuka nkomwe. Magetsi a 5 V akufika bwinobwino, kanyale kakuyaka, koma tikati tilowetse pulogalamu kudzera pa USB kompyuta ikungonena izi:

```
avrdude: stk500_getsync() attempt 1 of 10: not in sync
```

Ndikudziwa kuti uthengawu umabwera pa zifukwa zambiri, choncho sindinafulumire kukulozani chala. Ndinasintha chingwe, ndinasintha kompyuta, ndinayesa ndi USBasp, kachipangizo kapadera kolowetsera pulogalamu, koma osatheka. Kenako ndinaika osilosikopu pa mwendo wa XTAL2. Pa bolodi labwino pamaoneka funde loyera la 16 MHz. Pa 11 amenewa pali mzere wongogona, zii. Makapasita a 22 pF ali m'malo mwake, ndipo mtovu wagwira bwino. Pa awiri ndinachotsa kirisitalo yanu nkuwotchererapo yakale ya m'kabati mwathu, ndipo onse awiri anadzuka pompo. Umboni wina woposa pamenepa ine ndilibe.

Anayi ena ndi a nkhope ziwiri. Masana akugwira ntchito, koma m'mamawa, ndi chisanu cha kuno cha mwezi uno, akukana mpaka uwafungatire m'manja kapena uwayandikize ku ayironi yowotcherera. Ku Lilongwe kwanuko mwina akanadutsa osaonekera. Kuno ayi.

Koma amene andichititsa manyazi ndi atatu otsalawo. Pa kachitini ka kirisitalo palembedwa 12.000 m'malo mwa 16.000. Ndikuganiza kuti kufakitale anasokoneza ndi kirisitalo ya CH340G, tchipi ya USB ija, poti imeneyo ndiyo imafuna 12 MHz. Bolodi lotere limadzuka, limayenda, kungoti nthawi yake ndi yabodza: sekondi imodzi imatalika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ife mabolodiwa timapangira zoyatsa ndi kuzimitsa mapampu a sola m'madimba a mbatatesi. Limodzi ndinalilowetsa pulogalamu ndi USBasp, linalandira, ine nkuliika m'bokosi osawerenga timalemba tija. Apo ndivomere, diso langa linagona. Linapita kwa mlimi wina ku Bembeke, titalitchera kuti pampu iziyenda mphindi 60. Inkayenda mphindi 80. Thanki inkasefukira tsiku ndi tsiku, madzi nkukokolola nazale ya kabichi imene anafesa kumunsi kwake. Bambowo anabwera pa njinga bokosi atalimanga ndi mphira, nkuliika pa tebulo langa anthu ali pomwepo, ati, "Amisiri, wotchi yanu yaledzera." Anthu anaseka, ine ayi. Ndinawabwezera ndalama ya mbewu ya m'thumba mwanga.

Vuto la mtundu umenewu silibwera ndi mabampu a mumsewu wa M1. Kirisitalo yosweka mkati mwina tinganene kuti katoni inagwetsedwa pa basi, koma nambala yolakwika inachoka kwanu ili choncho. Zikusonyeza kuti gulu limeneli palibe analiyesa, ndipo ngati muli nawo ena m'sitolo ndi bwino muwaone musanagulitse kwa wina.

Pempho langa ndi ili. Mutitumizire mabolodi 18 abwino pasanafike pa 25 Julaye, ndipo lililonse muyambe mwaliyatsa ndi kuwerenga zolembedwa pa kirisitalo yake. Ngati mulibe, mutibwezere ndalama ya 18 amenewo. Musanditumizire makirisitalo okha kuti ndiziwotcherera ndekha, pakuti tinalipira mabolodi athunthu, osati ntchito ina. Awiri amene ndinakonza aja ndawawerengera limodzi, ndipo makirisitalo ake akufa ndawamata ndi tepi pa bolodi lililonse kuti asadzati ndinawononga ndine. Onse 18 ali m'katoni yanu yomwe ija, lililonse ndi kapepala kofotokoza vuto lake. Ndalama yowatumizira kwanuko ikhale yanu.

Takhala tikugula kwa inu zaka zitatu popanda kukangana, ndipo 22 enawo akugwira ntchito bwino. Koma ndili ndi alimi asanu ndi awiri a ku Lizulu ndi ku Bembeke amene analipira kale, ndipo nyengo yothirira siidikira munthu. Chonde mundiyankhe polemba sabata ino isanathe, kuti ndidziwe chowauza Loweruka akabwera.

Ine wanu,
Mmisiri wa zamagetsi,
Dedza.